Bandulo ya PS5 kapena kugula chimodzichimodzi?

"Abale ndithandizeni. Ndikufuna kugula PS5 yoti tizisewera mpira ndi mng'ono wanga kunyumba. Wogulitsa wina ali ndi bandulo ya makina, magemu, mahedifoni ndi choimikira chochajira mapadi. Nditenge imeneyo kapena ndigule chimodzichimodzi? Ndi ziti zofunika tsiku loyamba? Kapena ndingopita ku Xbox?"

Achimwene, za Xbox akuuzani ena, ine yanga ndi PS5. Musanapereke ndalama, mufunseni wogulitsayo kuti bandulo yakeyo wamanga ndani, chifukwa mabandulo alipo amitundu iwiri ndipo si ofanana ngakhale pang'ono. Ilipo ya Sony yeniyeni, imene chithunzi cha gemu chimakhala chosindikizidwa pa katoni pomwepo. Ndiye ilipo yomanga mwini shopu, amene amatenga makina n'kuunjikapo tinthu tomwe takhalitsa pa shelefu. Mmene mwafotokozeramu, yanuyo ndi yachiwiriyi.

Ine inandipweteka ndi yachiwiriyo. Ndinagula kwa munthu wina wooda katundu kunja, makina ali ndi magemu oikiratu, mtengo wooneka wabwino ndithu. Tinasewera bwinobwino kwa miyezi ingapo. Tsiku lina ndikuyatsa, gemu iliyonse ili ndi kachizindikiro ka loko pambali pake, yosatseguka. Nkhani yake inali yakuti magemuwo sanali anga. Anali pa akaunti ya munthu wina, ndipo ankasewereka chifukwa makina anga anali olembetsedwa pa akauntiyo kudzera pa Console Sharing and Offline Play. Akaunti imodzi imalola PS5 imodzi yokha kulembetsedwa motero, ndiye iye atagulitsa akaunti yomweyo kwa kasitomala wina, ine ndinatsekeredwa kunja. Kumuimbira foni, akuti mawa, mawa, mpaka anasiya kuyankha. Ndinatsala ndi Astro's Playroom yokha, ija imabwera kale ndi makina aliwonse.

Ndiye mukamva zoti "magemu ali momwemo", uzani wogulitsa ayatse makina muli pompo. Lowani mu Settings > Users and Accounts > Other, muone pa Console Sharing and Offline Play, muonenso kuti akaunti imene ili m'makinamo ndi ya ndani. Ngati sakukupatsani imelo ndi pasiwedi yake kuti muzisinthe zikhale zanu, magemu amenewo muwawerengere ziro pa mtengo. Komanso makina amene ali ndi akaunti kale ndiye kuti anatsegulidwapo, musawalipire ngati atsopano.

Bandulo ya Sony ilibe chinyengo chotero, koma kwa ife kuno ili ndi minga yake. Kawirikawiri gemu yake sibwera pa disiki, imabwera ngati vocha, kapepala ka manambala oti mulowetse ku PlayStation Store. Vochayo imagwira pa akaunti ya chigawo chimene makinawo anagulitsidwira. Malawi palibe pa mndandanda wa mayiko potsegula akaunti, n'chifukwa chake ambiri timasankha South Africa, UK kapena America, ndipo mukasankha dziko simungadzalisinthenso pa akaunti imeneyo. Katoni ikakhala yochokera ku America inu mwatsegula akaunti ya ku Joni, vocha ikana. Choncho yambani mwaona kumene katoni yachokera, kenako mutsegule akaunti yogwirizana nayo.

Vocha ikalola, patsala kukopera. FC, gemu ya mpira ija, imadya pafupifupi 50GB, Call of Duty imatha kupitirira 100GB. Werengerani nokha mtengo wa deta yochuluka choncho pa netiweki yanu, muuphatikize pa mtengo wa bandulo. Gemu yatsopano imakhala cha m'ma 70 dola, ndipo bandulo ya Sony imakuchotserani gawo la ndalama imeneyo kapena yonse pa nthawi ya seli. Ngati muli ndi intaneti yopanda malire kunyumba, kapena kwa mbale kumene mungakasiye makina usiku umodzi, ndipo gemuyo ndi imene mukanagula ndithu, tengani bandulo, mwapindula. Ngati mumadalira deta ya pa foni, gulani makina a disiki paokha ndi FC ya pa disiki. Idzafunabe kukopera zowonjezera, koma mpira wa anthu awiri pa mpando umodzi mutha kuusewera osadikira zonsezo, ndipo ikakutopetsani mumaigulitsa kapena kusinthana ndi anzanu. Vocha ukangoilowetsa basi, yakakamira pa akaunti.

Chenjeraninso apa: mabandulo ambiri otchipa ndi a Digital Edition, yopanda polowetsa disiki. Pa PS5 yopyapyala ija inatuluka mu 2023 mutha kugula polowetsa disiki padera, cha m'ma 80 dola, koma kuno sipapezeka wamba, ndipo pamafunika intaneti tsiku loyamba kuti palembetsedwe ku makinawo. Ine sindingagule ya Digital ndili ku Malawi.

Tsopano za tsiku loyamba. M'katoni mumakhala kale padi imodzi ya DualSense, chingwe cha HDMI, chingwe cha magetsi ndi chingwe cha USB chochajira padi. Amene angakuuzeni kuti mugule HDMI "ya 4K" padera mwina sanatsegulepo katoni ya PS5, ya m'katoniyo ndi yokwanira pa TV iliyonse imene muli nayo. Poti mwati mukhala awiri, chofunika ndi padi yachiwiri, cha m'ma 75 dola kunja, kuno ikwererapo. Gulani yeniyeni. Padi ya PS4 sisewera magemu a PS5, ndipo mapadi otchipa amene amaponyedwa m'mabandulo a m'shopu nthawi zambiri amakhala a mtundu umenewo. Iyeseni pa gemu ya PS5 musanachoke.

Chachiwiri ndi chotchinjiriza magetsi, ndipo ichi ndimachiika patsogolo pa mahedifoni ndi zonse. Kagadi konga kamene timaika pa filiji kapena pa TV n'kotchipa, ndipo kamachedwetsa magetsi akangobwera ndi mphamvu. Mukatha, UPS ndiye yabwino, chifukwa imakupatsani mphindi zingapo zoti museve ndi kuthimitsa bwino. Makinawa amakoka cha m'ma 200W gemu ili mkati, onjezanipo TV, ndiye musagule kakang'ono ka rauta. Magetsi akathima makina akulemba kapena ali pa Rest Mode, poyatsa amayamba akonza zosungira zake, ndipo nthawi zina sevu imawonongeka. Masiku a mabulakauti muzithimitsiratu, osasiya pa Rest Mode. Pulagi ikakhala ya ku Joni kapena ya ku America, musakakamize ndi ka adaputa kogwedera, gulani chingwe cha mabowo awiri chonga cha wailesi chokhala ndi pulagi yathu ya mano atatu.

Zinazo zidikire. Choimikira chochajira n'chokongoletsa chabe, chingwe chimachaja. Mahedifoni a waya a foni yanu amalowa pansi pa padi, ndipo padiyo ili ndi maikolofoni yake. Makina opyapyala amabwera ndi timiyendo togonekera, choimika chilili chimagulidwa padera koma kugoneka kulibe vuto. SSD yowonjezera musaiganize n'komwe, malo amene alipo, oposa 600GB ngakhale pa makina oyamba aja, simungawadzaze ndi deta ya kuno mwezi woyamba. PlayStation Plus ndi ya osewera ndi anthu akutali pa intaneti, inu ndi mng'ono wanu pa TV imodzi simukuifuna.

Mufunseni wogulitsayo mtengo wa makina okha, osatsegula, kenako wa bandulo, muone kusiyana kwake. Ngati kusiyanako kukukwana padi yeniyeni ndi disiki ya FC, musiyireni mahedifoni akewo. Ndipo lisiti yokhala ndi nambala ya makina muitenge, ifanane ndi imene ili pa katoni.