Za mapiritsi opanda mankhwala aja, amalume

Amalume: "Iwe namwinowe, tandiuza. Andipempha kuti ndilowe m'kafukufuku wa mankhwala atsopano a kuthamanga kwa magazi. Akuti ena azilandira mapiritsi opanda mankhwala, ndipo ngakhale dokotala sakudziwa kuti ndani akumwa ati. Kumeneku si kuseweretsa anthu odwala?"

Yankho la mawu, lolembedwa kuti onse awerenge:

Eya amalume, mwaswera bwanji? Ndingolankhula, kulemba kundichedwetsa.

Tiyambire apa. Munthu akamwa mankhwala n'kupeza bwino, sikuti nthawi zonse ndi mankhwalawo amene amuchiza. Chimfine chimatha chokha. Ndiye kuthamanga kwa magaziko kumachita kukwera ndi kutsika, m'mawa kwina, madzulo kwina. Munthu amakutengani kukuikani m'kafukufuku tsiku limene manambala akwera, ndipo akadzakuyezaninso pakatha mwezi, nthawi zambiri amapezeka atsikako ngakhale simunamwe kanthu. Onjezani kuti mukalowa m'kafukufuku mumayamba kudzisamala. Mchere mumachepetsa, mapiritsi anu akale simudumphitsa, chifukwa mukudziwa kuti anesi akufunsani. Zonsezi zimatsitsa manambala. Tsono onse akapatsidwa mankhwala atsopanowo n'kuona kusintha, tidziwa bwanji kuti mbali ya mankhwalawo ndi iti? Zili ngati kuthira feteleza watsopano munda wonse chaka cha mvula yabwino, mudzatama feteleza pamene mwina ndi mvula. Wanzeru amasiya mizere ina osathira.

N'chifukwa chake anthu amagawidwa pawiri. Gulu lina limamwa mankhwala enieni, lina limamwa pulasibo, piritsi lofanana mtundu, kukula ndi paketi, koma m'kati mulibe mankhwalawo. Ogawa si dokotala ayi, ndi kompyuta, mwa mayere. Dokotala akamasankha yekha, ngakhale ali ndi mtima wabwino, akhoza kuika olimbako mbali imodzi, ofooka mbali ina, basi zotsatira zapotoka kafukufuku asanayambe.

Tsopano za kubisa zija, ndikupatseni nkhani ya kwathu konkuno. Mu 2018 ku Blantyre, ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, anayesa katemera wa tayifodi pa ana opitirira 28,000, a miyezi 9 mpaka zaka 12. Theka anabayidwa wa tayifodi, theka linalo anabayidwa katemera wa matenda oumitsa khosi. Mwaona, sanawabaye madzi, anawapatsa katemera weniweni koma wa matenda ena. Makolo sankadziwa kuti mwana wawo walandira uti, ngakhalenso achipatala oona anawo akadwala sankadziwa.

Taganizani zikanakhala kuti akudziwa. Mwana watentha thupi. Mayi wodziwa kuti mwana wake anabayidwa wa tayifodi anena kuti aa, ndi kamalungo chabe aka, agula panado pa okala n'kukhala pakhomo. Mnzake wodziwa kuti wake sanalandire athamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Kuchipatalako nakonso, woyeza akadziwa kuti uyu ndi wotetezedwa, mwina saumirira zomutenga magazi. Tayifodi amatsimikizika poyeza magazi ku labu, ndiye amene sanayezedwe sawerengedwa. Mapeto ake katemera aoneka wamphamvu kuposa mmene alili, popanda ndi mmodzi yemwe amene wanama. Koma poti panalibe wodziwa, mwana aliyense wotentha thupi ankaonedwa mofanana. Zotsatira zitatuluka mu 2021, ana 12 ndiwo anapezeka ndi tayifodi m'gulu la katemerayo, pamene m'gulu linalo anali 62. Ndiko kunena kuti matendawa anachepa ndi pafupifupi 80 pa 100. Boma linayamba kupereka katemera wa tayifodi dziko lonse mu 2023.

Kwa inu ndi chimodzimodzi. Nesi wodziwa kuti mukumwa enieni akaona nambala yakwera, anena kuti tapumani kaye tiyezenso, n'kulemba yachiwiri yotsikayo. Kwa wa pulasibo angolemba yoyambayo. Si kuba ayi, ndi mmene mtima wa munthu ulili. Ifenso anamwino timafuna kuti zinthu ziyende.

Pali china chimene anthu sachiganizira. Aliyense amaopa kugwera m'gulu la pulasibo, ngati kuti gulu linalo ndiye lamwayi. Komatu mankhwala atsopano sanadziwike bwino, n'chifukwa chake akuyesedwa. Ku America kunali mankhwala awiri, enkainaidi ndi fulekainaidi, amene madokotala ankapereka kwa anthu amene anadwalapo mtima ndipo mtimawo ukugunda modumphadumpha. Pa makina zinkaoneka bwino ndithu, kugunda kunkawongoka. Atawayesa poyerekeza ndi pulasibo, pa magulu awiri a anthu pafupifupi 750 lililonse, akufa anali 63 mwa omwa mankhwala, 26 mwa omwa pulasibo. Anawaimitsa mu 1989 nthawi isanakwane. Dokotala payekha sakanatha kuziona zimenezi, chifukwa wodwala mtima akamwalira aliyense amangoti ndi mtima womwewo.

Mwina mukufunsa kuti anadziwa bwanji poti zonse n'zobisika. Pamakhala kagulu ka akatswiri apadera, osakhala a kafukufukuyo, amene amaloledwa kusuzumira kuti ndani ali mbali iti. Akaona kuti mbali ina ikupwetekeka, amalangiza kuti ziime. Ndipo inuyo mutadwala mwadzidzidzi, dokotala n'kufunika kudziwa chimene mwakhala mukumwa kuti akuthandizeni, pali njira yotsegulira nambala yanu nthawi yomweyo.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse zimayenda myaa. Kubisako nthawi zina kumaululika kokha. Mankhwala ena amadzionetsera, ngati rifampisini wa chifuwa chachikulu uja amene amafiiritsa mkodzo, womwayo sangalephere kudziwa. Komanso pulasibo asakukomereni m'khutu ngati ndi mankhwala. Akhoza kuchepetsa ululu kapena mseru umene munthu akumva chifukwa cha chikhulupiriro, koma sangaphe tizilombo ta malungo m'magazi. Amagwiranso mbali inayo: ena omwa piritsi lopanda kanthu amabwera akudandaula mutu ndi chizungulire, chifukwa anawerenga papepala kuti zimenezi zikhoza kuchitika. Ndiye ofufuza amafanizira madandaulo a magulu onse awiri, chimene chachuluka mbali ya mankhwala ndicho amati n'cha mankhwalawo.

Pamene pali nkhawa yanga ndi pamodzi, amalume, ndipo apa ndiye mukafunse molimba. Lamulo lake ndi lakuti ngati matenda ali ndi mankhwala odziwika kale, munthu asamanidwe mankhwalawo moti n'kuika moyo wake pachiswe chifukwa cha kafukufuku. Inu mwakhala pa mankhwala zaka zambiri. Mukawafunse kuti, kodi mapiritsi anga akale ndipitiriza, atsopanowa n'kungowonjezera pamwamba, kapena mundisiyitsa? Akati musiya, mufunse kuti kwa nthawi yaitali bwanji, azikuyezani kangati, ndipo manambala akafika pati ndi pamene akubwezereni pa akale. Anthu olongosoka amayankha zimenezi osazengereza, zimakhala zolembedwa kale. Mufunsenso komiti imene inavomereza kafukufukuyo, dzina lake ndi nambala ya foni zimayenera kukhala pa pepala la chilolezo lija.

Pepalalo musasayine tsiku lomwelo ngati simunakhutire. Pemphani la Chichewa mupite nalo kunyumba, muwerenge ndi azakhali. Mukakana, kapena mukalowa n'kufuna kutuluka pakati, chithandizo chanu cha masiku onse sichisintha, ndipo zimenezo zalembedwa momwemo. Mulijambule masamba onse munditumizire kumbali, osati pagulu pano, ndiliona ndikaweruka.