Lipoti likuti mwapindula K120,000, koma thumba likukana

"Zikomo bambo. Ndine msungichuma wa kopaletivi ya alimi a mthirira cha ku Ngabu. Mnyamata amene amatilembera mawerengero pa kompyuta watipatsa lipoti la Epulo mpaka Juni, ndipo pansi pake pakuoneka kuti taposa bajeti ndi K120,000. Koma ine ndikudziwa kuti chitowe sichinagulidwe bwino, mafuta a injini anatidyeranso ndalama zambiri. Loweruka ndikawerenge lipotili pamaso pa mamembala. Ndingadziwe bwanji kuti mapulasi, mamainasi ndi maperesenti akewa ndi oona? Ndakutumizirani pepalalo."

Mayi, pepala lanu ndaliona, ndipo Loweruka musakaliwerenge mmene lililimu. Mtima wanu sukukunamizani. Simunapose bajeti ndi K120,000 ayi, mwaperewera ndi K1,320,000. Chosangalatsa n'chakuti kuti zimenezi zioneke sipafunika kompyuta, kakyuleta ya pa foni ndi cholembera zikukwana.

Ndikopere kaye manambala anu pano kuti ena owerenga aziona zimene tikukambazi. `Budget` ndi bajeti, `Actual` ndi zenizeni zimene zinalowa kapena kutuluka, `Variance` ndi kusiyana kwake.

| Mzere | `Budget` | `Actual` | `Variance` | `%` |
|---|---|---|---|---|
| Kugulitsa chitowe | 6,000,000 | 5,100,000 | +900,000 | 17.6 |
| Zopereka za mamembala | 1,200,000 | 1,380,000 | -180,000 | -13.0 |
| Mafuta a injini | 2,000,000 | 2,500,000 | -500,000 | -20.0 |
| Aganyu | 1,500,000 | 1,200,000 | +300,000 | 25.0 |
| Kukonza ngalande | 0 | 400,000 | -400,000 | -100.0 |
| Zotsala | 3,700,000 | 2,380,000 | +120,000 | |

Yambani ndi mzere wapansiwo, muphimbe ndi chala nambala ya 120,000. Munkayembekeza kutsala ndi K3,700,000, mwatsala ndi K2,380,000. Ngakhale mwana wa Sitandade 5 angakuuzeni kuti kusiyana kwa manambala awiriwa si 120,000. Mukachotsera mupeza 1,320,000, ndipo ndi yotsika. Ine lipoti lililonse la mtundu uwu ndimaliyesa choncho ndisanawerenge china chilichonse: nambala yapansi ndimaipeza kawiri, poyamba pochotsera mopingasa mumzere womwewo, kenako pophatikiza motsetsereka kuchokera pamwamba. Njira ziwirizi zikapereka mayankho osiyana, ndiye kuti penapake chizindikiro chatembenuka.

Tsono 120,000 yachokera kuti? Mnyamata wanuyo sanabe kanthu, musamukwiyire. Anangogwiritsa ntchito samu imodzi pa mizere yonse: bajeti kuchotsapo zenizeni. Pa ndalama zotuluka samuyo imayenda bwino. Mafuta munakonza 2,000,000, mwawononga 2,500,000, yankho likubwera mainasi 500,000, ndipo mainasiyo ikunenadi zoona kuti pamenepa zavuta. Koma samu yomweyo mukapita nayo pa ndalama zolowa imayankhula chosemphana. Chitowe munayembekeza 6,000,000, mwapeza 5,100,000, yankho likubwera pulasi 900,000, ngati kuti mwatola ndalama, pamene ndi ndalama imene simunaione n'komwe. Zopereka za mamembala, zimene zayenda bwino kuposa mmene munaganizira, zapatsidwa mainasi. Kenako iye anaphatikiza zonse motsetsereka, kuperewera kwa chitowe kunakhala ngati kukubweza zimene mafuta ndi ngalande zinadya, n'kutsala 120,000 yooneka bwinoyo.

Pulasi kapena mainasi payokha sinena kanthu. Mabungwe ena amachotsera bajeti ku zenizeni, ena amachita mosemphanitsa, ndipo palibe lamulo loti njira iyi ndiyo yokha yolondola. Chofunika ndi kudziwa njira imene yagwiritsidwa ntchito ndi kufunsa pa mzere uliwonse kuti kodi iyi ndi ndalama yolowa kapena yotuluka. N'chifukwa chake akatswiri ambiri a zowerengera ndalama amalemba `F` pambali pa kusiyana kokomera bungwe, ndi `A` kapena `U` pa kusiyana kopweteka. Inu chitani chimodzimodzi m'Chichewa. Tengani pensulo, pa mzere uliwonse muiwale chizindikiro chimene chilipo, mulembe "zatikomera" kapena "zatipweteka". Ndalama yolowa ikachuluka kuposa bajeti zatikomera, yotuluka ikachuluka zatipweteka.

Mukatero muona kuti zokomera ndi ziwiri zokha, 180,000 ya mamembala ndi 300,000 ya aganyu, zonse pamodzi 480,000. Zopweteka ndi 900,000 ya chitowe, 500,000 ya mafuta ndi 400,000 ya ngalande, pamodzi 1,800,000. Kuchotsera 480,000 ku 1,800,000 kukusiya 1,320,000, nambala yomwe ija tinapeza mopingasa. Apa ndiye njira ziwiri zija zakumana.

Maperesenti nawo ali ndi nthenda yawoyawo, ndipo iyi ndi yobisala kwambiri chifukwa manambala ake amaoneka a nzeru. Peresenti ya kusiyana imayenera kupimidwa pa bajeti, popeza funso ndi lakuti tapatuka motani pa zimene tinakonza. Pa pepala lanu agawa ndi zenizeni. Mafuta: 500,000 kugawa ndi 2,500,000 kumapereka maperesenti 20, koma kugawa ndi 2,000,000 ya bajeti kumapereka 25. Njira yachangu yogwirira bodza lotere ndi kubwerera chammbuyo. Tengani bajeti, muwonjezere peresenti imene yalembedwayo, muone ngati mufika pa zenizeni. Maperesenti 20 a 2,000,000 ndi 400,000, mukawonjezera mukufika pa 2,400,000, pamene malisiti akunena 2,500,000. Sizikukumana. Chitowe ndi 15 osati 17.6, mamembala ndi 15 osati 13, aganyu ndi 20 osati 25. Muona kuti kugawa ndi zenizeni kumachepetsa peresenti paliponse pamene ndalama yapyola bajeti. Ngati komiti yanu ili ndi lamulo loti mzere wopyola maperesenti 20 uzifotokozedwa, mafuta anuwa akanadutsa mwakachetechete.

Nkhani ya chogawira imeneyi tonse tinaiona mu Novembala 2023, pamene Reserve Bank inagwetsa mphamvu ya kwacha. Dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kusiyanako ndi K520. Mukagawa ndi 1,180 mupeza maperesenti 44 amene analengezedwa aja, mukagawa ndi 1,700 mupeza pafupifupi 31. Ndalama yosiyana ndi yomweyo, koma peresenti ikudalira pamene mwaima poyeza.

Mzere wa ngalande ndi wina. Simunauikire bajeti, mwina mchenga unadzaza ngalande madzi atasefukira, zimene kuchigwa kuno si zachilendo kuyambira nthawi ya namondwe Ana ndi Freddy uja. Palibe nambala imene ingagawidwe ndi ziro, choncho mzere umenewu ulibe peresenti. Mnyamatayo akanagawa ndi bajeti, kompyuta ikanamulembera `#DIV/0!`, ndipo ndikukayikira kuti n'chimene chinamuchititsa kusinthira ku zenizeni kuti chilembo chonyansacho chichoke. Palembedwe kamzere chabe, ndi mawu oti ndalamayi inalibe bajeti, komanso dzina la msonkhano umene unavomereza kuti ituluke. Mamembala adzafunsa zimenezo, osati peresenti.

Mumuuze akonze motere, ngati bajeti ili mu `B`, zenizeni mu `C`, kusiyana mu `D`. Samu yoyamba ndi ya zolowa ndi zotsala, yachiwiri ya zotuluka, yachitatu ya peresenti paliponse:

```
=C2-B2
=B4-C4
=IF(B2=0,"-",D2/ABS(B2)*100)
```

Akatero pulasi izitanthauza zokomera pa pepala lonse, ndipo alembe zimenezo pamwamba pa lipoti kuti wowerenga asamachite kulota. Mawu oti `ABS` ali ndi ntchito imene muione miyezi ya Januwale mpaka Malichi, pamene gulu ngati lanu limakonzeratu kuti zotuluka ziposa zolowa. Tinene kuti munakonza kuperewera ndi 500,000 koma mwaperewera ndi 200,000 yokha. Zakukomerani ndi 300,000. Koma kugawa 300,000 ndi mainasi 500,000 kumapereka mainasi 60, nkhani yabwino n'kuoneka yoipa. `ABS` imachotsa mainasi ya chogawiracho, yankho n'kukhala pulasi 60.

Peresenti ya mzere wophatikiza asaipeze pophatikiza maperesenti a pamwamba, kapena potenga apakatikati ake. Iwerengedwe payokha kuchokera ku ndalama. Zolowa zonse munakonza 7,200,000, zabwera 6,480,000, zaperewera ndi maperesenti 10. Zotuluka munakonza 3,500,000, zatuluka 4,100,000, zapyola ndi 17.1. Zotsala zatsika ndi 35.7. Nambala yomalizayi ndiyo imene ikautse phokoso pansi pa mtengo Loweruka, ndiye muyambe mwaizolowera.

Ndikuuzeni zimene zinandionekera ine, kuti musaganize kuti zolakwa zotere ndi za anyamata ongoyamba kumene. Chaka china ndikusunga mabuku a gulu lina la alimi a thonje, ndinawonjezera mzere watsopano pansi penipeni pa zotuluka, wa ndalama yolipira ngolo zimene zinatuta katundu msewu utaduka. Samu yophatikiza inali kuthera pa mzere wa pamwamba pake, ndipo sinadzitambasule. Lipoti linapita ku komiti likuonetsa kuti tawononga zochepa. Amene anandigwira ndi gogo wina wa m'komitimo, wosadziwa n'komwe kuyatsa kompyuta, amene anangofunsa kuti, "Nanga ndalama ya ngolo ija ili pati apa?" Thukuta la ku Nchalo lija linachita kuwirikiza. Kuyambira pamenepo ndimaphatikiza ndekha pa kakyuleta mzere uliwonse wophatikiza. Anu ndawayesa, 3,700,000 ndi 2,380,000 zikutuluka bwino.

Pali china chimene sindingachione ndili kuno. Zonse ndanenazi zikudalira kuti manambala a `Budget` ndi `Actual` ndi oona. Fananizani bajetiyo ndi imene msonkhano waukulu unavomereza, ndipo muonetsetse kuti ndi ya miyezi itatu yomweyi, osati ya chaka chonse yongogawidwa panayi. Chitowe sichigulitsidwa mwezi ndi mwezi, ndiye bajeti yogawidwa mofanana imabala kusiyana kwabodza. Zenizenizo zifananizeni ndi buku lanu la ndalama, malisiti ndi sitetimenti ya ku banki.

Mzere umene ndikuukayikira kwambiri ndi wa aganyu, ngakhale ukuoneka wokomera. Kodi ntchito inachepadi, kapena pali anthu amene anagwira ganyu mu Juni koma sanalandirebe? Ngati 300,000 imeneyo ndi ngongole yodikira Julayi, simunapulumutse kanthu, ndipo kuperewera kwenikweni ndi 1,620,000. Funsani kapitawo wa kumunda lisanafike Lachisanu, chifukwa ena mwa aganyuwo ndi ana a mamembala omwewo amene adzakhale akumvetsera. Za chitowe nazonso mukhale ndi yankho lake: ngati munakonza makilogalamu 3,000 pa K2,000, ndalama ya 5,100,000 ingatanthauze kuti munagulitsa onse 3,000 pa K1,700, kapena 2,550 okha pa mtengo umene munakonza uja. Koyambako mlandu ndi wa mavenda ndi msika, kwachiwiriko anthu adzafuna kuona buku la sikelo, ndiye mupite nalo.