Yankho la amalume pa tebulo la Nabanda ndi Naphiri

"Malume, atipatsa tebulo la amayi awiri ogulitsa tomato, aliyense asankhe kukweza kapena kutsitsa mtengo osadziwa zomwe mnzake wachita. Onse akakweza ndi 8 ndi 7, onse akatsitsa 5 ndi 4, Nabanda yekha akatsitsa 10 ndi 3, Naphiri yekha akatsitsa 2 ndi 9. Akuti tipeze pokhazikika. Si 8 ndi 7?"

Ayi mphwanga, pamenepo ndi pomwe ambiri amagwera. Tenga cholembera, tiyende limodzi.

Nabanda ali m'mizere yopingasa, ndipo nambala yoyamba m'bokosi lililonse ndi phindu lake. Yachiwiri ndi ya Naphiri. Usazisakanize.

Yamba ndi Nabanda. Phimba ndi chala mbali yomwe Naphiri watsitsa, utsale ndi yomwe wakweza. Nabanda akakweza apeza 8, akatsitsa apeza 10. Lemba kamzere pansi pa 10. Sunthira chala mbali inayo, utsale ndi yomwe Naphiri watsitsa: 2 kapena 5. Kamzere pansi pa 5. Waona? Ukamasankhira Nabanda, maso amayenda chotsika, kuyerekeza nambala zoyamba zokha. Ukayerekeza 10 ndi 5 chopingasa walakwa, chifukwa kusuntha chopingasako ndi chisankho cha Naphiri, Nabanda alibe nacho mphamvu.

Tsopano Naphiri, uyu ndiye woyenda chopingasa, nambala zachiwiri. Nabanda akakweza, 7 kapena 9, lemba pa 9. Nabanda akatsitsa, 3 kapena 4, lemba pa 4.

Yang'ana bokosi lomwe nambala zonse ziwiri zili ndi kamzere. Ndi limodzi basi, 5 ndi 4, onse atsitsa. Apo ndiye pokhazikika, m'mabuku mwanumo pamatchedwa ndi dzina la John Nash, amene anazilemba mu 1950. Yesa wekha: Nabanda akachokapo yekha agwera pa 2, Naphiri akachokapo yekha agwera pa 3. Palibe wofuna kusuntha.

Bokosi lako la 8 ndi 7 ndi lokoma ndithu, onse apindula kuposa pa 5 ndi 4, koma silingakhalitse. Nabanda akuona 10 pafupi pomwepo, Naphiri akuona 9. Ngakhale atapangana madzulo, kukacha aliyense ali ndi chifukwa choswera panganolo. Funso si loti pabwino kwa onse ndi pati, koma loti ndi pati pomwe munthu sangapindule posintha yekha.

Chinanso, usaime ukangopeza bokosi limodzi. 10 uja atakhala 6, 9 uja nayenso 6, timizere tisamukira pa 8 ndi 7, ndiye pokhazikika pakhala pawiri, onse kukweza komanso onse kutsitsa. Nambala ziwiri zikafanana, lemba pansi pa zonse. Ndipo matebulo ena sapereka bokosi ngakhale limodzi. Pamenepo ndiye pamafunika kusakaniza zisankho mwamaere, zomwe zili ndi masamu akeake. Jambula tebulo lako ndi timizere take, unditumizire ndione.