Imelo ya ku ofesi muziiwerenga kuyambira pansi

"Achimwene, shefi wanga wandiuza kuti maimelo amene takhala tikulemberana mu ofesi ndiwapititse kwa munthu wakunja amene amatinyamulira katundu. Ndiyang'ane chani ndisanatumize? Ndikuopa kuulula za m'nyumba." Watero mlongo wina wa ku Moatize.

Achemwali, mwandikanda pachilonda. Ine ndinagwirapo ntchito ya ukalaliki ku bungwe lina la alimi ku Angonia, kufupi ndi Ulongwe, ndipo chaka china tinali ndi soya matani 20 mu nyumba yosungira, wogula ali ku Tete. Tinakhala sabata yonse tikulemberana ine, shefi ndi msungichuma, maimelo ngati khumi ndi awiri olumikizana, kenaka shefi akuti mtumizireni bamboyo tsiku lobwera ndi lole. Ine basi kudina Encaminhar, ndiye Forward pa Chingerezi, kulemba moni pamwamba, kutumiza. Pa Gmail zakale zija zimabisala kuseri kwa timadontho titatu, ndiye pa foni ndinkangoona mizere inayi yokha ndikumati zonse ndi zomwezi.

Pansi penipeni panali mawu a shefi a Lolemba, akuti tiyambire pa 35 metikali pa kilo koma akalimba 28 tivomera. Bamboyo anabwera Lachisanu akumwetulira, sanavutike n'kunenerera komwe, anangoti 28 ndipo sanasunthe. Werengani nokha, 7 metikali pa makilo 20,000, ndi 140,000 metikali imene alimi sanaione chifukwa cha chala changa. Shefi sanandikalipire, zikanakhala bwino akanakalipa. Anangosiya kundiika pa makope miyezi itatu, ndipo pa msonkhano wa alimi mayi wina wachikulire anafunsa kuti kodi wogulayu ndi mfiti, wadziwa bwanji mtengo wathu, ine ndili phee kumbuyo kuyang'ana nsapato.

Ndipo sizinathere pomwepo. Forward imanyamula mafayilo onse omatidwa, Reply sanyamula, ambiri sadziwa kusiyana kumeneku. Yanga inanyamula Excel ya msungichuma, tsamba loyamba linali la matani okha koma munali tsamba lina lobisidwa lokhala ndi mayina a alimi, manambala a chitupa cha BI ndi a foni amene amalandirira ndalama. Kubisa tsamba si kufufuta ayi, aliyense akadina kumanja pa dzina la tsamba n'kusankha Unhide zonse zili poyera. Chimodzimodzi anthu amene amajambula kabokosi kakuda pamwamba pa mawu mu PDF, mawuwo amakhala alipobe pansi, munthu amangokopera n'kumata pena n'kuwerenga bwinobwino.

Ndinathamangira kwa mnyamata wathu wa makompyuta kuti aibweze, anandiseka. Recall ya Outlook imagwira pakati pa anthu a bungwe limodzi basi, ikatuluka pa geti yapita. Gmail ili ndi Undo Send koma imakudikirani masekondi 5 okha, mukaisintha mu Settings imafika 30, ine ndinazindikira patapita masiku anayi.

Ndiye ine lero ndinauma mutu, munthu wakunja sindimupititsira mndandanda wa maimelo, olo shefi anene. Ena amati kupititsa kumasonyeza kuti simukubisa kanthu. Bodza limenelo, ndi ulesi chabe. Mu ofesi timalemba momasuka, wina amati kasitomala uyu ndi wovuta, wina amatchula mtengo wa kampani ina imene tikuyerekeza nayo, ndipo mzere uliwonse wa From, To ndi Cc umaonetsa dzina ndi adiresi ya mnzanu amene sanavomere kuti mlendo amudziwe. Za pa WhatsApp ndiye musandiyambitse, anthu amajambula sikirini gulu lonse manambala ali mbee.

Nanga mupange bwanji

Tsegulani imelo yatsopano, mutu watsopano, chifukwa mutu wakale nawonso umaulula, wathu unali "mtengo womaliza soya". Koperani zokhazo zimene wa loleyo akufunika, tsiku, malo, kulemera kwa katundu. Ngati shefi akakamira kuti zipite zonse, chitirani pa kompyuta osati pa foni, dinani timadontho tija, yambirani pansi kukwera m'mwamba, chifukwa zoopsa zimakhala m'maimelo oyamba pomwe palibe amaganiza kuti mlendo adzawerenga. Sakani ndi Ctrl+F mawu ngati MT, NUIT, BI, mtengo, akaunti. Fayilo iliyonse itseguleni, ya Word muone ngati mulibe ndemanga za m'mbali. Adiresi ya wolandira muilembe pomalizira ndipo muiwerenge yonse, makinawa amakonda kukumalizirani dzina n'kukupatsani munthu wina wofanana naye. Mukafufuta mbali ina musasinthe mawu a munthu, ingonenani pamwamba kuti mwatumiza chidule, kenaka muwaonetse shefiwo aone ndi maso awo musanadine Send.