Za Loweruka lija, msuweni tamvera

"Asuweni, Loweruka kuli msonkhano kwa a gulupu wa za madzi osefukira, ndipo a komiti asankha ine kuti ndikayankhule. Ndimalize bwanji? Ndiwauze anthu zoti achite, kapena ndimalize ndi nkhani ya agogo mumtengo ija kuti iwakhale mumtima?"

Eee, msuweni... ukundimva? Ndili pakhonde pano, kunja kwatentha zedi, ndiye ukamva mbuzi zikulira usadabwe. Uthenga wako ndauwona m'mawa, koma ndati ndiyambe ndadya, chifukwa funso lakoli si loyankha ndi njala.

Iwe ndimakudziwa. Kuyankhula umatha, unkatilongolola tonse kuyambira uli ndi zaka zisanu. Chimene chikukusowetsa tulo ndi apongozi ako. Akakhala pampando wakutsogolo, a gulupu pambali pawo, madoda onse a m'mudzimo, ndiye iwe mtengwa wobwera dzana uimirire n'kunena kuti chitani ichi, chitani icho. Ukuopa kuti akati mwanayu watilamula. Ndiye nkhani ya agogo ukuifuna kuti ubisalemo, anthu apukuse mitu, amayi ena agwetse misozi, iwe ukhale pansi usanauze munthu aliyense chochita. Ndanama? Usayankhe pagulu lathu la pafoni pano, ukandiuze kumbali.

Chabwino. Ukuwakumbuka atsibweni anga, bambo ako aakulu aja a ku Ngabu? Nthawi imene anali wapampando wa kalabu ya alimi a thonje. Iwe unali wamng'ono... ayi, unali utayamba sukulu, chifukwa ndi chaka chomwe chija cha njinga, amene akudziwa akudziwa, ine sindibwereza, azakhali ali pagulu pompano.

Ndiye alangizi anali atawatuma kuti auze anthu za kuzula mitengo ya thonje. Paja thonje ukatha kutola, mitengo ija siyenera kutsala m'munda. Umazula n'kuwotcha, munda ukhale wopanda thonje kwa miyezi ingapo, chifukwa mbozi zoboola thonje zimabisala m'zotsalirazo kudikira mbewu ya chaka chinacho. Ndipo vuto lake, iwe ukazula koma mnzako wa munda woyandikana osazula, mbozi zake zimadzakupeza ndithu. Ndi ntchito yofuna mudzi wonse, komanso ndi yotopetsa, imagwa nthawi yoti ndalama za thonje anthu alandira kale, mitima ili kumsika.

Atsibweni anakonzekera sabata yathunthu. Anabwereka jekete kwa aphunzitsi, jekete yakuda, ku Ngabu, dzuwa lija ukulidziwa. Thukuta linali kuyenderera mpaka m'nsapato koma sanaivule, amati wapampando savula jekete pamaso pa mafumu. Anayankhula bwino, ine ndinalipo, ndinali nditawanyamulira mpando. Atafika kumapeto anakhala chete pang'ono, anayang'ana anthu onse, n'kunena kuti, abale anga, munthu wosiya mitengo ya thonje m'munda ali ngati munthu amene wakuba wamubera, iye n'kumuyalira mphasa kuti agone pomwepo, adzapitirize mawa.

Iii, msuweni, kunali phokoso. Amayi nthungululu, madoda kugwirana m'mapewa kuseka, a mfumu mpaka anatsokomola. Atsibweni anakhala pansi mtima uli m'malo, jekete ili yonyowa. Kuyambira tsiku limenelo dzina lawo linasanduka a Mphasa. Kumsika a Mphasa, kumaliro a Mphasa, ngakhale ana a sukulu. Mawu aja anafika mpaka ku Nchalo, anthu ena ankawanena ngati mwambi wa makolo osadziwa kuti mwini wake ali moyo, akukwera njinga yopanda mabuleki.

Koma mitengo ya thonje inangoima m'minda momwemo. Anazula ndi anthu owerengeka, omwe aja amazula chaka chilichonse ngakhale osauzidwa. Ndipo chopweteka kwambiri, munda wa atsibweni eniakewo unazulidwa mochedwa, azakhali atachita kuwakalipira. Azakhali, ngati mukumva, ndanena bwino eti?

Chaka chotsatira anakwiya, anati anthu awa safuna nthabwala. Anabwera ndi pepala la malamulo, anawerenga mpaka chachisanu ndi chiwiri: muzule, muwotche, musasunge mbewu yakale, mubweze ngongole ya mankhwala, zina ndaiwala. Anthu anangoti tamva. Ukamva anthu a kwathu kuno akuti tamva ndi mawu otsika, akuyang'ana pansi, dziwa kuti palibe chichitike. Amene anapulumutsa tsikulo ndi mlembi wa kalabu, mayi wina wachete. Anthu akudzuka kale iye anangoti, Lachitatu m'mamawa tikayambire kumunda kwa a Mphasa, aliyense ndi khasu lake, amene abwere akweze dzanja ndilembe. Anthu anaseka, manja anakwera, ndipo Lachitatu kunabwera anthu. Ena anangobwera kudzawona ngati a Mphasa agwire khasu, koma poti anali atafika anazula nawo.

Eya... ndimati chani? Za iwe.

Malizira ndi chochita. Koma chikhale chimodzi, chaching'ono, choti munthu angathe kuchiyamba asanachoke pansi pa mtengo pamenepo. Nkhani ya agogo uinene ndithu, koma ikhale kutsogolo kwa pempholo, ikankhe anthu kupita ku chochitacho. Isakhale mawu ako otsiriza.

Ndikufotokozere chifukwa chake, poti iwe sukhulupirira chinthu osachifunsa kawiri. Pamsonkhano wa kumudzi mawu otsiriza si ako. Ukakhala pansi pabwera wapampando wa komiti, kenako a gulupu, kenako pemphero, mwinanso wina adzalengeza za maliro kapena za katemera wa nkhuku. Pofika pamenepo dzuwa lili paliwombo, amayi akuganiza za madzi kumjigo. Nkhani yokoma idzapulumuka pa zonsezo, anthu akaifotokoza kunyumba, koma sinena tsiku, sinena malo, sinena kuti ndani. Aliyense amaganiza kuti akunena mnzake.

Ndipo anthu amenewo sakufunika kuwawopseza. Anawona madzi a Januwale 2015, anawona namondwe wa Ana mu 2022, Freddy mu Malichi 2023. Ena pamsonkhanopo anataya abale. Usakayerekeze kufotokoza za mitembo kuti uwagwire mtima, ukatero ena adzangolira, ena adzadzuka n'kumapita, ndipo apongozi ako akakhala ndi chifukwa chenicheni chokunenera.

Tsono chochitacho. Ndikudziwa chimene chili m'mutu mwako, ukufuna ukati tisamukire kumtunda. Ayi. Zimenezo boma lakhala likunena zaka zambiri, anthu a ku Makhanga anazimva mpaka kutopa. Munthu ali ndi dimba lake kumtsinje, manda a makolo ake ali pomwepo, kumtunda malo ndi a eni ake. Sangaganize zimenezo Loweruka masana chifukwa cha mtengwa. Adzati tamva.

Pempha ichi: kulemba mayina a anthu amene sangathe kuthawa okha madzi akabwera usiku. Nkhalamba, olumala, odwala, amayi oyembekezera otopa. Dzina lililonse likhale ndi dzina lina pambali pake, la munthu amene adzathamangire kukamutenga. Basi. Kope limodzi, bolopeni, mlembi akhale patebulo poonekera. Ukuona kuti nkhani ya agogo ikuloza pomwepo? Ndicho choyesera chake. Nkhani ikakhala yokoma koma ikuloza kwina, isiye kunyumba.

Ndiye unganene motere... dikira ndiganize. Unganene kuti, "Mafumu ndi makolo anga, ambiri a inu agogo anga munkawadziwa. Usiku uja anagona mumtengo chifukwa aliyense ankayesa kuti wina wawatenga kale. Tonse tinkawakonda, koma panalibe amene anapatsidwa dzina lawo." Ukatero khala chete pang'ono, upume kamodzi. Usawonjezere zokometsera, za udzudzu ndi njoka zija usiye, ndikudziwa umazikonda. Kenako uti, "Ndiye ndi chilolezo cha a gulupu, ndikupempha chinthu chimodzi. Tisanapemphere, aliyense amene ali ndi munthu wosatha kuthawa yekha apite patebulo apo akamulembetse, ndi dzina la amene adzamutenge. Ine ndiyamba, ndikulembetsa apongozi anga aakazi, wowatenga ndi bambo a kunyumba kwanga." Ukangotero pita patebulopo, osabwerera pamphasa... iii, mphasa yabweranso. Osabwerera pomwe unakhala, ndimati.

Waona? Sunalamule munthu. Wapempha, m'dzina la a gulupu, ndipo wayamba ndi nyumba yako. Koma mawu akuti ndi chilolezo cha a gulupu asakhale bodza. Lachisanu upite ndi wapampando wa komiti mukawaone, muwauze zimene mukufuna kupempha, kuti iwo akamayankhula pambuyo pako abwereze za kopelo. Akazimva koyamba pagulu angathe kuti tikambirana, ndipo zikathera pomwepo. Apongozi aakaziwo uwauzenso, asakadzidzimuke kumva kuti aikidwa m'gulu la nkhalamba. Komanso upangane ndi amayi awiri atatu kuti adzadzuke msangamsanga iwe ukangodzuka. Munthu woyamba kupita patebulo ndi amene amavuta, ena amangotsatira.

Sindikuti kumaliza ndi nkhani n'koipa nthawi zonse, ayi. Kumaliro, paukwati, pothokoza alendo, kumene palibe chimene ukufuna kuti anthu achite lero, malizira ndi chinthu choti akachikumbukire. Ngakhale za kusamukazo, tsiku lina ukadzayankhula, nkhani ndi imene ingathandize, chifukwa ndi zoganiza miyezi, m'nyumba, usiku. Koma Loweruka lino mvula ili pafupi ndipo pali kope. Nkhani patsogolo, pempho limodzi pamapeto.

Ukadzafuna kudziwa ngati zayenda, usawerenge m'manja ndi nthungululu, atsibweni anazilandira zochuluka. Pemphero likatha ukayang'ane m'kope. Mukakhala mayina, ngakhale khumi, ndiye kuti komiti ili ndi poyambira kuyenda khomo ndi khomo. Mukakhala lako lokha, mwina pempho linabwera anthu atatopa, kapena a gulupu sanabwereze, ndiye Lolemba upite nalo kopelo kumjigo.

Ndiye ndabwereza kokwana: agogo choyamba, mwachidule, kenako kope, iwe n'kuyamba kulemba. Ndipo usakamalize ndi zija zakuti ndi mawu ochepawa kenako n'kuyambiranso mfundo ina, matenda a kubanja kwanu amenewo.

Foni ikutha moto. Amayi akuti uwatumizire mapira aja unalonjeza, upatse mnyamata wa kabaza amene amadutsa Lachinayi, ndalama yake ndilipira ine kuno.