Chidima M'maso Mukangoimirira

"Ndikadzuka mofulumira pabedi kapena pampando ndimaona chidima m'maso, miyendo imalefuka mpaka ndimagwira khoma. Pakapita kamphindi zimatha. Atandipima bipi anati ili bwino. Anzanga akuti ndi kuchepa kwa magazi. Nditani?"

Funso langa loyamba kwa inu ndi ili: pokupimanipo munali mutakhala pansi kapena mutaimirira? Mawu oti "bipi ili bwino" anandiwawa nditawawerenga, chifukwa ndi omwewo amene bambo anga anauzidwa.

Bambo amamwa mankhwala a bipi, ndipo ena mwa iwo ndi aja okodzetsa pafupipafupi. Nyengo ina yotentha anatsegula m'mimba, chakudya sichinkalowa, madzi ankangolawa, koma mapiritsi sanadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Usiku wina anadzuka mothamanga kuti apite kuchimbudzi, ndipo asanafike pachitseko anagwa n'kutemeka pachipumi. M'mawa anapimidwa ali phee pampando, nambala zinatuluka zokongola, anawamanga bala n'kuwabweza. Koma chizungulire sichinasiye. Milomo inali youma, mkodzo wochepa ndi wachikasu kwambiri.

Mlongo wanga, yemwe ndi namwino, ndi amene anatulukira vuto. Anawagoneka chagada mphindi 5 n'kuwapima: 128/80, mtima ukugunda ka 76 pamphindi. Kenako anawaimiritsa, iye atawagwira mkono, n'kupimanso patatha mphindi imodzi: 102/68, mtima ka 98. Nambala yapamwamba inali itatsika ndi 26. Madokotala amati ikatsika ndi 20 kapena kuposerapo, kapena yapansi ikatsika ndi 10, mkati mwa mphindi 3 munthu ataimirira, ndiye kuti bipi ikugwa poimirira.

Zimachitika chonchi. Mukaimirira, magazi okwana theka la lita kapena kuposa amatsikira kumiyendo ndi kumimba. M'mitsempha ya m'khosi ndi ya pafupi ndi mtima muli tizigawo timene timamva kutsikako, ndipo nthawi yomweyo mtima umafulumira, mitsempha n'kufinyika, magazi n'kufikanso ku ubongo. Thupi likasowa madzi, magazi oyenda m'mitsempha amachepa, ndiye ngakhale mtima uthamange, ubongo umaperewedwa kwa kamphindi. Chidima chija n'chimenecho. Kwa bambo, kutsegula m'mimba kunkachotsa madzi, mapiritsi akuchotsanso ena.

Ndinene mosabisa: munthu wodandaula chizungulire cha poimirira akapimidwa atakhala pansi basi, ndiye kuti sanapimidwe. Muli ndi ufulu wonse wopempha kuti, "Chonde mundipime nditagona, kenako nditaimirira." Sizitenga ngakhale mphindi khumi.

Za anzanuwo, sindikuwatsutsa kotheratu. Kuchepa kwa magazi kumabweretsadi chizungulire, makamaka kwa amayi otaya magazi ambiri posamba ndi oyembekezera. Koma zimenezo amadziwa popima magazi, osati pomuyang'ana munthu kumaso. Zimandikwiyitsa kuona munthu akugula mankhwala owonjezera magazi miyezi yathunthu pomwe vuto lake ndi madzi, mowa wa dzulo, kapena piritsi lofunika kusinthidwa. Palinso chizungulire china chosiyana ndi ichi, chija chakuti chipinda chonse chimazungulira mukangotembenuka pabedi. Chimenecho kawirikawiri chimachokera m'kati mwa khutu, ndipo madzi sangachithetse.

Zoyenera kuchita

Podzuka m'mawa, yambani mwakhala m'mphepete mwa bedi kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, mukugwedeza mapazi m'mwamba ndi pansi kuti akatumba akankhe magazi, kenako imirirani mutagwira chinthu. Chidima chikabwera musalimbe mtima n'kumayenda. Khalani pansi pomwepo, kapena gonani n'kukweza miyendo. Ngati palibe pokhala, pingasitsani miyendo n'kulimbitsa ntchafu ndi matako. Imwani madzi tsiku lonse mpaka mkodzo uziyera, ndipo makapu awiri musanadzuke pabedi amathandiza ambiri. Ngati mukutsegula m'mimba kapena kusanza, madzi okha sakwanira, imwani aja osungunula paketi ya mchere ndi shuga. Musawonjezere mchere m'zakudya mwa inu nokha ngati muli ndi bipi yokwera, ndipo odwala mtima kapena impso afunse kaye kuchuluka kwa madzi oyenera kumwa.

Mankhwala a bipi musasiye nokha. Kauzeni dokotala nambala za bipi yanu mutagona ndi mutaimirira, iye ndi amene achepetse kapena kusintha, monga anachitira ndi bambo mpaka m'mimba mutaleka. Koma mukakomoka ndithu, mukamva kuwawa pachifuwa, mtima ukamagunda mosalongosoka, chimbudzi chikada bii, kapena mbali imodzi ya thupi ikafooka ndi lilime kulemera, pitani kuchipatala nthawi yomweyo.