Msonkho wa kuipitsa kapena ziphaso zogulitsana: poyambira pake ndi pati?

"Abale anga, ndikulemba nkhani ya kusukulu ya zachuma ndi chilengedwe. Atiuza kuti tiyerekeze msonkho wolipiritsa oipitsa chilengedwe ndi ziphaso zoipitsira zimene makampani amagulitsana. Ndikuona ngati zonse n'zofanana, ndiye sindikudziwa choti nditsutsane nacho. Ndili ku Ulongwe, ndipo ndikufuna chitsanzo cha kuno ku Tete."

M'bale wanga, zimene mwaonazo ndi zoona, ndipo ndikulangizani kuti nkhani yanu iyambire pomwepo. Ngati boma likudziwa bwino ndalama zimene fakitale iliyonse imawononga pochepetsa utsi wake, njira ziwirizi zimafikitsa pamalo amodzi. Sonyezani zimenezi ndi manambala m'ndime zoyamba, kenako gawo lalikulu la nkhani mulipereke ku funso limene aphunzitsi akufunadi kumva: nanga zimatani pamene boma silikudziwa?

Vuto lenileni ndi lakuti woipitsa salipira zonse zimene akuwononga. Fumbi la malasha likagwera pa ufa umene mayi wayanika pamphasa ku Moatize, amene wataya ndi mayiyo, ndipo kutayako sikulowa m'mabuku a ndalama a amene watulutsa fumbilo. Arthur Pigou anafotokoza mu 1920 kuti msonkho wofanana ndi kuwonongekako umabwezera mtengowo kwa mwini wake. Maganizo a ziphaso anadza pambuyo pake, makamaka ndi John Dales mu 1968: boma liike malire a kuipitsa konse, ligawe malirewo m'ziphaso, ndipo makampani azigulitsana. Choncho pa msonkho boma limaika mtengo n'kusiya kuti kuchuluka kwa utsi kudzipezere pokha poima, pamene pa ziphaso limaika kuchuluka n'kusiya kuti msika upeze mtengo.

Nachi chitsanzo chongopeka chimene mungasinthe monga mukufunira. Tinene kuti pali mafakitale awiri, A ndi B, ndipo iliyonse imatulutsa matani 100 a utsi pa chaka. Boma likufuna kuti matani 200 amenewa atsike kufika pa 120, kutanthauza kuchotsapo 80. Tani iliyonse yochotsedwa imadula kuposa yapitayo, chifukwa munthu amayamba ndi zosavuta, monga kukonza zosefera, asanafike pogula makina atsopano. Kwa A mtengo wa tani yomaliza ndi MC = 20a, ndipo kwa B, imene makina ake ndi akale, ndi MC = 60b, m'mametikali, pamene a ndi b ndi matani amene iliyonse yachotsa. Ndalama zonse zimene A yawononga ndi 10a², za B ndi 30b².

Boma likangolamula kuti iliyonse ichotse matani 40, A iwononga 16,000 ndipo B iwononga 48,000, zonse pamodzi 64,000. Koma likaika msonkho wa mametikali 1,200 pa tani, fakitale iliyonse ichotsa utsi kufikira pamene kuchotsa tani ina kwadula mofanana ndi msonkhowo. A iima pa matani 60, B pa matani 20. Matani 80 aja akwana, koma ndalama zowonongedwa ndi 36,000 kuphatikiza 12,000, zomwe ndi 48,000 basi. Tsopano yesani ziphaso: boma lipereke ziphaso 60 kwa iliyonse. B, yomwe tani yake ya 40 ikanaidyera 2,400, iona kuti n'kwabwino kugula kwa A, yomwe pa tani ya 40 ikungolipira 800. Agulitsana mpaka mitengo yawo italingana, ndipo ilingana pa 1,200 pomwe paja, A itachotsa 60 ndi kugulitsa ziphaso 20. Utsi ndi womwewo, ndalama zochepetsera utsi ndi zomwezo.

Kusiyana koyamba kuli pa amene akutenga ndalama. Pa msonkho, mafakitale amalipiranso matani 120 otsalawo, ndipo boma limatolera 144,000. A yonse imaidyera 84,000, B 108,000. Pa ziphaso zoperekedwa ulere boma silipeza kanthu, A imatsala ndi mtolo wa 12,000 ikalandira 24,000 za ziphaso zimene yagulitsa, ndipo B imawononga 36,000. N'chifukwa chake makampani amakonda ziphaso zaulere. Koma samalani pano, pakuti ambiri amalemba kuti msonkho ndiwo umabweretsa ndalama ndipo ziphaso sizibweretsa. Boma likagulitsa ziphaso zonse 120 pa okushoni, litoleranso 144,000 yomweyo. Kusiyanaku kukuchokera pa kagawidwe ka ziphaso, osati pa chida chenichenicho, ndipo ndime imodzi ikukwanira kufotokoza zimenezi.

Pamene muyenera kukhalitsa ndi apa. Tiyerekeze kuti boma linalakwitsa, ndipo kuchepetsa utsi kumadula kawiri kuposa mmene linaganizira, 40a ndi 120b. Izi zimachitikadi, chifukwa amene amadziwa mtengo wa makina ndi mwini fakitale, ndipo alibe chifukwa chouzira boma zoona. Msonkho wa 1,200 tsopano uchotsa matani 30 kwa A ndi 10 kwa B, ndiye kuti utsi utsala 160 m'malo mwa 120. Ziphaso zisunga utsi pa 120, koma mtengo wa chiphaso ukwera kufika 2,400, ndipo ndalama zochepetsera utsi zifika 96,000. Msonkho wateteza makampani ku mtengo wosayembekezeka koma waphonya cholinga. Ziphaso zakwaniritsa cholinga koma pa mtengo umene palibe anaukonzekera. Boma silingathawe kulakwitsa, lingangosankha mtundu wa cholakwa chimene anthu angachipirire.

Martin Weitzman anapereka njira yosankhira mu 1974. Funsani kuti kuwonongeka kumakula msanga motani pamene kuipitsa kwapitirira pang'ono, ndipo muyerekeze ndi mmene mtengo wochepetsera umakwerera. Ngati pali mlingo umene ukangopitirira zinthu zimaipa mwadzidzidzi, ikani malire a kuchuluka. Ganizirani madzi oipa olowa mu mtsinje wa Revubue mwezi wa Okutobala, madzi atachepa: matani 40 owonjezera aja angathe kupha nsomba ndi kuipitsa madzi amene anthu amatunga, ndipo msonkho wolipiridwa kumapeto kwa chaka sungabweze zimenezo. Ngati tani iliyonse imawononga pafupifupi mofanana ndi inzake, pamene mtengo wochepetsera umakwera mofulumira, msonkho ndiwo wabwino. Mpweya wa kaboni umene umatenthetsa dziko uli m'gulu limeneli, chifukwa choopsa chake ndi kuunjikana kwa zaka zambiri, ndipo kupitirira pang'ono m'chaka chimodzi sikusintha kuwononga kwa tani yotsatira. Jambulani zithunzi ziwiri, china cha mzere wa kuwonongeka wotsetsereka kwambiri, china wa mzere wogona, ndipo musonyeze pa chilichonse kukula kwa zimene zatayika pansi pa chida chilichonse. Wowerenga akaona zithunzizo adzadziwa kuti mwamvetsa.

Pa umboni wa zochitikadi, sankhani zochepa. Ziphaso za utsi wa salufa ku Amereka, zimene zinakhazikitsidwa ndi lamulo la 1990 ndi kuyamba kugwira ntchito mu 1995, zinachepetsa utsi wa malo opangira magetsi pa mtengo wotsika kuposa umene ambiri ankayembekezera, ndipo chinathandiza kwambiri n'chakuti utsi unkayezedwa pa chumuni nthawi zonse. Msika wa ziphaso za kaboni wa mayiko a ku Ulaya unayamba mu 2005, koma mu 2006 zitadziwika kuti ziphaso zinaperekedwa zambiri kuposa utsi weniweni, mtengo unagwa, ndipo pofika 2007 unali pafupifupi ziro, popeza ziphaso za gawo loyambalo sizinkaloledwa kusungidwira gawo lotsatira. Mtengo wa chiphaso ukagwa chotero, ndi chizindikiro chakuti malirewo sakuluma aliyense. Msonkho nawonso umafooketsedwa m'njira yakeyake. South Africa inayamba msonkho wa kaboni mu 2019 pa marandi 120 pa tani, koma kuchotsera kwa pakati pa 60 ndi 95 peresenti kunachititsa kuti wolipiridwa weniweni ukhale pakati pa marandi 6 ndi 48. Ziphaso zimafooka ndi malire otayirira, msonkho umafooka ndi kukhululukira, ndipo zonsezi zimachokera kwa anthu omwewo amene ali ndi mphamvu zokambirana ndi boma.

Mukabwera nazo kuno kwathu, musaiwale kuti msika umafuna ogula ndi ogulitsa ambiri. M'chitsanzo chathu ndinalola A ndi B kugulitsana pa 1,200, koma wogulitsa akakhala mmodzi, A ingathe kuumira pa mtengo wokwera, kapena kukana kugulitsa kuti itseke njira ya kampani yatsopano. Migodi ikuluikulu ya malasha ya m'dera la Moatize ndi yowerengeka, choncho msika wa ziphaso wa chigawo chino chokha ungakhale wowonda kwambiri. Chinanso n'chakuti fumbi lili ndi malo ake. Tani ya kaboni imawononga mofanana kulikonse kumene yatulukira, koma tani ya fumbi yotulukira pafupi ndi nyumba za anthu si yofanana ndi yotulukira kutali. Ngati B ndiyo ili pafupi ndi mudzi, kugula kwake ziphaso 20 kukutanthauza kuti anthu a pamenepo apuma matani 80 m'malo mwa 60, ngakhale chiwerengero cha chigawo chonse chikuoneka bwino. Msonkho wofanana paliponse uli ndi vuto lomweli, pokhapokha ukwezedwe kwa amene ali pafupi ndi anthu. Komanso fumbi la mgodi wapamtunda silituluka pa chumuni. Limachokera pophulitsa miyala, pa milu ya malasha ndi m'misewu ya malole, ndipo chimene sichiyezedwa sichingakhomedwe msonkho molondola kapena kugulitsidwa ngati chiphaso. Pamenepo boma limakakamizika kukhoma chinthu choyandikana nacho, monga tani ya malasha okumbidwa, koma msonkho wotero supatsa mphotho kampani imene imathirira misewu madzi ndi kuphimba milu yake.

Ndikanakhala inu, ndikanatenga mbali poyera. Pa kaboni, m'dziko la otulutsa akuluakulu ochepa ngati Mozambique, ndikanasankha msonkho wokhomedwa pa mafuta ndi malasha otenthedwa, chifukwa kaboni wa mu lita kapena tani iliyonse amadziwika kale ndipo nthambi yotolera misonkho ilipo kale, pamene msika wa ziphaso ukufuna kaundula watsopano ndi oyang'anira ake. Pa fumbi ndi madzi oipa, ndikanayamba ndi malire okhwima oyezedwa pamene anthu amakhala ndi pamene amatunga madzi, ndipo msonkho ukhale wowonjezera pamwamba pake kuti kampani isaime ikangofika pa malirewo. Ngati malo atsala, tchulani njira yosakaniza, yomwe ndi ziphaso zokhala ndi mtengo wapansi ndi wapamwamba, ndipo muiyese pa chitsanzo chomwechi: ikani denga pa 1,800, muwerengere matani amene A ndi B zichotsa pamene mitengo ili 40a ndi 120b, ndipo mupeza 45 ndi 15, utsi wotsala 140.